Pulasitala wa Pabalaza Pathu

Amuna anga anali mmisiri wa pulasitala, koma ife tinkagona m'nyumba ya makoma osavala. Ndinkawanena nazo mpaka pakamwa kuuma. Anapaka nyumba za ku Kafue Estates mzere ndi mzere, nthawi ija dziko litangolandira ufulu, pamene fakitale ya feteleza ndi ya nsalu zinkamera ngati bowa ndipo anthu ankatsika sitima ndi mitolo pamutu kudzafuna ntchito. Akalaliki ndi akapitawo ankalowa m'nyumba zosalala zimene manja awo anapaka. Ife m'komboni, kuseri kwa mafakitale, tinkatsamira mabuloko okanda msana, mphemvu zikubisala m'mipata. Ndikadandaula ankangoti, "Amake ana, tizapaka chabe," n'kukwera njinga.

Anayamba kupaka nyumba yathu atayamba kale kutsokomola. Chifuwa chija chinabwera pang'onopang'ono, ine n'kumati ndi fumbi la simenti, litha. Silinathe. Kuntchito anawauza kuti akapume, ndipo kuchipatala ku Lusaka anawapatsa mapilisi ndi kuwabweza kunyumba ndi nkhope zimene ndinazimva popanda wondimasulira. Ndi malipiro awo omaliza anagula simenti, naitanitsa mchenga pangolo kuchokera ku Shimabala, nayamba pabalaza. Anapaka makoma atatu okhaokha, akupuma pakati, nthawi zina atagwira m'mawondo. Linatsala khoma lalikulu loyang'anana ndi chitseko, limene munthu amayamba kuliona akangolowa. Pamenepo mphamvu zinawathera.

Tsiku lina atagona pamphasa, maso ali pakhomalo, anandiuza chimene chinkawadya mumtima. Kwathu munthu akamwalira amatulutsa mipando yonse, thupi n'kuligoneka pabalaza m'mbali mwa khoma lalikulu, amayi n'kukhala pansi mozungulira.

"Bazanigoneka paja," anatero. "Banthu bazabwera kuona mmisili wa pulasita ali gone pansi pa mabuloko. Sinifuna, amake ana. Nifuna nikagone pa khoma yosiliza."

Ndinawakalipira kuti asiye kulankhula zamalodza, kenako ndinapita kuseri kukalira. Sanapemphe nyama, sanapemphe kuti tiwatengere kumudzi ku Malawi kumene makolo awo anachokera. Anapempha khoma limodzi.

Nkhaniyi inafika kutchalitchi kudzera mwa mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga, mayi amene sankatha kusunga mawu kuyambira pachitsime kufika pakhomo. Mkulu wa mpingo wathu, bambo wamtali amene ankagwira ntchito kufakitale ya feteleza, analengeza kuti abambo akathandize mbale wodwala. Sindingawanamizire, anali munthu wa mtima wabwino. Koma pulasitala ankangomuona pakhoma ngati mmene ine ndimaonera ndeke m'mwamba.

Anafika Loweruka m'mawa, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuphika nthaka. Anali abambo angapo, wina wa kunjanji, wina woluka nsalu, wina mlonda, onse atapinda malaya, akuimba nyimbo ya ntchito ya Ambuye. Amuna anga tinawasamutsira kuchipinda, chitseko chili chotsegula, moti ankaona zonse. Ine ndinali panja kuphika.

Sanasese khoma. Sanalithire madzi, poti mkulu uja anati pampopi pali mzere wautali, tisavutitse amayi. Mchenga anautapa pamulu osasefa. Simenti anathira mowolowa manja, akuti mbale wathu timupangire cholimba. Ndinamva amuna anga akuitana ndi mawu ofooka, "Ba elida, mukanyowesako khoma poyamba." Mkuluyo anasuzumira pakhomo akumwetulira. "Imwe gonani chabe, ba mmisili. Lelo ni ise tikusebenzelani." Ndipo amuna anga anawasiya apitirize, chifukwa wodwala sauza omuthandiza mogwirira fosholo. Kwathu kukana thandizo la mpingo, kapena kulipezera chifukwa, n'chimodzimodzi kulavulira m'mbale imene wakupatsa mnzako.

Anapaka daka, matope a simenti aja, wokhuthala kamodzi n'kamodzi, nawonjezanso wina pamwamba woyamba asanagwire. Pomaliza anawaza simenti youma n'kuisalaza ndi mpeni womangira mpaka khoma linawala ngati mbale yagalasi. Dzuwa lisanapendeke anali atasamba m'manja. Anapemphera, anadya, ananyamuka. Ine ndinawathokoza nditagwada, ndipo kunena zoona ndinasangalala, pakuti khomalo linkaoneka lokongola kuposa atatu aja.

Mazenera athu analibe magalasi. Mphepo yotentha inkalowa uku n'kutulukira uko, ndipo masana dzuwa linkawotcha khomalo cha kunja. Sipanapite masiku ambiri, timing'alu tinayamba kuoneka, tating'ono ngati pa dzira losweka, kenako tina tatitali. Amuna anga anandipempha kuti ndiwadzutse. Ndinawagwira m'khwapa, anali atapepuka ngati mtolo wa udzu. Anayamba ndi khoma lawo lomwe, naligogoda ndi chala chopinda. Linayankha mwakachetechete, ngati wagogoda mwala. Kenako anagogoda la abambo a mpingo. Linalira phoo, phoo, ngati chipanda chopanda kanthu. Anayenda nalo kuchokera kungodya kufika kungodya, ndipo pafupifupi paliponse linkalira chimodzimodzi.

Anandifotokozera atakhala pansi, akupumira m'mwamba. Buloko louma lili ndi ludzu, limamwa madzi a daka simenti isanagwire, ndipo fumbi limakhala pakati ngati ufa pansi pa mkate. Daka wokhuthala wodzaza simenti amakwinyika pouma, n'kudzikoka yekha kuchoka pakhoma. Chimene tinkaona sichinali chogwira, chinangoimirira. Amayi akadzatsamira pamenepo akulira, chikhoza kudzagwa chonse.

"Tichose," anatero.

Ndinapsa mtima, ndipo mkwiyo wanga unasowa pogwera. Ndinakwiyira mkulu wa mpingo, ndinakwiyira mlamu wanga, ndinakwiyira ngakhale wodwalayo. Simenti yotsala inali yongokwana khomalo kamodzi, yobwerezera panalibe. Ndinawafunsa kuti apake ndani, popeza iwo ngakhale kapu ya madzi inkawanjenjemera m'manja.

"Imwe," anatero. "Mumazila pansi kumunzi, si so? Manja muli nayo."

Kuzira pansi ndi dothi ndinkadziwadi kuyambira ndili mtsikana. Koma kuzira ndi kwina, pulasitala ndi wina, ndipo ndinawauza kuti matenda awalowa m'mutu. Koma m'mawa mwake ndinatenga nyundo ndi tchizulo m'thumba lawo la zida.

Kugumula sikunavute, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa. Ndinkangolowetsa tchizulo m'mng'alu, chigamba chachikulu ngati lichero n'kugwa chokha, kumbuyo kwake kuli mbee ndi fumbi, buloko lili loyera ngati silinakhudzidwe. Ndili mkati mogumula, mkulu wa mpingo analowa kudzazonda wodwala. Anaima pakhomo, chipewa chili m'manja, akuyang'ana ntchito yake ili mulu pansi.

"Amai, n'chani ichi? Tinalakwa kubwela?"

Amuna anga anayesa kuyankha mwaulemu koma chifuwa chinawatsekereza. Ndinayankha ndine, ndipo sindinasankhe mawu. Ndinatola chigamba, n'kuwaonetsa kumbuyo kwake, n'kunena kuti ichi chikanagwera akazi awo omwe. Mkuluyo anapemphera mwachidule n'kutuluka. Lamulungu lotsatira amayi ena sanandipatse moni, ndipo mlamu wanga anabwera kudzandiuza kuti ndachititsa manyazi banja lonse, mkazi wanji wogwira tchizulo mwamuna ali moyo.

Amuna anga anapempha kuti mphasa yawo ibwerere pabalaza, pangodya, kutali ndi fumbi, nsalu yonyowa ili pamphuno. Kuchokera pamenepo ankandilamula ngati kapitawo. Ndinagoba zotsalira zonse, ndinakolopola m'mipata ya mabuloko kuti daka adzapeze pogwira, ndinasesa khoma ndi tsache lolimba mpaka nditapukuta ndi chikhato osatuluka fumbi. Mchenga ndinausefa. Ananditumanso kuthira pang'ono m'botolo la madzi, kukhutchumula, ndi kuwaonetsa utadikha, kuti aone ngati dothi losanjikana pamwamba lachuluka, poti mchenga wadothi umang'ambitsa pulasitala. Anati uli bwino. Mazenera ndinatseka ndi masaka onyowa. Madzi ndinkatunga ndi ana anga aakazi, mzere wapampopi uli wautali monga mkulu uja ananenera, ndipo khoma ndinalimwetsa madzulo, n'kulimwetsanso m'mawa, kufikira litasiya kumeza msanga. Ankafuna lonyowa koma losayenderera.

Ndinkaganiza kuti tsopano tipaka. Ayi. Anandiuza kusakaniza simenti ndi mchenga wokhakhala, zamadzimadzi ngati phala la mwana, n'kuwaza pakhoma mwamphamvu kuti likhale ndi timano. Ndinawaza, tinadikira kuti timanoto tiume, ndikutithira madzi. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa tsiku lililonse munthu ankachepa ndikumuona.

Pulasitala woyamba anandiliza. Daka saikidwa mwaulemu, amaponyedwa kapena kukanikizidwa zolimba kuti alowe m'timano tija osasiya mphepo kumbuyo. Wanga woyamba ankagwa pansi, wina m'maso, wina m'tsitsi. "Dzanja, osati phewa," ankatero, ine n'kuwayankha kuti adzuke adzapange okha. Anaseka mpaka kutsokomola magazi, ndipo sindinawayankhenso choncho. Pang'onopang'ono dzanja linamva. Tinaika timilu tadaka toyezera ndi chingwe, ndinadzaza pakati pake mokhuthala ngati chala, osapitirira, n'kudula ndi thabwa lowongoka kuchokera pansi kupita m'mwamba. Manja anasenda, simenti inadya zala mpaka kutuluka zilonda. Daka atayamba kulimba anandipatsa kathabwa kokhomedwa misomali, kuti ndikande khoma lonse mizere yopingasa yokhotakhota, yosazama. Ndinakanda ndikudandaula mumtima, kuwononga ndekha chimene ndinavutika kuwongola. Khomalo linaoneka ngati munda wongolimidwa kumene.

"Mailo tipake yachiwili," ndinatero, ndikutanthauza mawa.

Anapukusa mutu. Woyamba ayenera kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo, akhwime, akwinyike, ang'ambike mmene afunira. Ukamuphimba asanathe zimenezo, amang'amba wapamwamba, kapena awiriwo amasiyana. Anati sabata yathunthu, ndipo kukatentha chonchi madzi asaphonye ngakhale kamodzi.

Sabata imeneyo analibe, ndipo tonse tinkadziwa. Anali atasiya kudya, miyendo itatupa, mawu akutuluka ngati akuchokera pansi pa chitsime. Patapita masiku awiri kapena atatu ndinagwada pambali pa mphasa n'kuwachonderera. Ndinati mchenga wosalala ndasefa kale, simenti ilipo, ndipake lero, mulione ndi maso anu lili losalala, ndicho munapempha. Ndinati ngakhale litadzang'ambika chaka chamawa, adzaona ndani, ndidzaika kabati pamenepo. Ndinalira, ndinawatchula wouma mutu, ndinati nyumba za eni ake munamaliza mazanamazana, yanuyi mukufuna kuisiya ndi zipsera.

Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa. Kenako anati, "Afulumira anadya gaga. Ine nizagonapo siku imozi chabe. Imwe na bana muzankalamo zaka." Anapumira, n'kuwonjeza, "Musaleke kuthila manzi."

Anamwalira m'mawa mwake, dzuwa litangotuluka, ine ndili ndi ndowa m'manja, nditangomaliza kuthirira. Nditatembenuka ndinapeza maso awo ali pakhoma, koma munthu mulibe.

Uthenga unayenda, anthu anayamba kusonkhana. Mipando inatuluka. Ine anandikhazika pangodya, nsalu kumutu, amayi awiri m'mbali mwanga, poti wamasiye sadzuka, sagwira ntchito, satunga madzi, ngakhale kuseri amapita momuperekeza. Thupi analisambitsa, analifunditsa bulangeti, naligoneka pamene mwiniwake ananena, m'mbali mwa khoma lokandakanda lija. Aliyense wolowa ankayamba kuona khoma, kenako maliro. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti a mpingo anapaka bwinobwino, mkaziyu n'kugumula, onani tsopano mmisiri wagona potani.

Mkulu wa mpingo anabwera nagwada patsogolo panga. Sanabwere ndi mwano, maso ake anali ofiira. Anati abambo ali panja, zida zilipo, thupi likhoza kusunthidwira kuchipinda kwa kanthawi, apake msangamsanga anzawo a malemu a ku Estates ndi abale a ku Lusaka asanafike. Anati aliyense akudziwa chimene malemu anapempha. Mlamu wanga anagwira phazi langa. "Mulamu, vomelani. Ni m'bale wanga uyu. Musamugoneke pa manyazi."

Sindinayesedwepo chotero moyo wanga wonse. Chimene ankandipatsa ndi chimene ine ndemwe ndinapempha dzulo lake nditagwada. Ndikanangogwedeza mutu, ndipo palibe akanandinena. Ndinayang'ana bulangeti lija, n'kuyang'ana mizere ndinakanda ndi misomali, daka akadali wakuda ndi chinyezi cha m'mawa.

"Sinakhwime," ndinatero. "Musaikhuze."

Mlamu wanga analira mokweza kuposa mmene analirira mbale wake. Mkuluyo anadzuka pang'onopang'ono n'kutuluka.

Masana kunatentha koopsa. M'nyumba munadzaza anthu, wina anachotsa masaka a pazenera kuti mulowe mphepo, ndipo ndinaona khoma likuyamba kutuwa kuchokera m'mwamba. Ndinayesa kutuma mwana wanga wamkulu ndi maso, koma anali atamukhazika kutali pakati pa azakhali ake. Ndinapirira mpaka dzuwa litapendeka. Kenako ndinavula nsalu kumutu n'kuimirira. Amayi a m'mbali mwanga anandigwira chitenje poganiza kuti chisoni chandizunguza mutu, koma ndinawakutumula. Ndowa inali kuseri kwa chitseko, katsache kaudzu kali momwemo. Ndinadutsa pakati pa miyendo ya anthu, nyimbo inazima mzere ndi mzere, mpaka m'nyumba monse munangoti zii.

Ndinaima kumutu kwa amuna anga, n'kuyamba kuwaza. Ndinayambira m'mwamba monga anandiphunzitsira, kuti madzi azitsika okha m'mizere. Ndinkatambasula dzanja pamwamba pa thupi lawo, ndipo madontho ena anagwera pabulangeti. Wina panja anati ndi mankhwala. Wina anati mkaziyu akudziwapo kanthu pa imfayi. Mlamu wanga anakuwa kuti andigwire, koma palibe anayandikira. Ndinathirira mpaka kumapazi, ndinabweza ndowa, ndinabwerera pangodya panga n'kufundanso nsalu. M'mawa wa tsiku loika maliro ndinachitanso chimodzimodzi, bokosi lisanalowe.

Anzawo a ku Estates anafika m'mawa womwewo, amisiri okhaokha, manja osweka ngati a malemu. Mmodzi wokalamba, atagwada kupepesa, anadzuka n'kuyendetsa chikhato pamizere ija, nagogoda kamodzi ndi chala. Kenako anatuluka kukakhala ndi anzake panja. Amuna anga anatuluka m'nyumba mwawo khoma lisanathe, chimene anachiopa chija chinawachitikira ndithu, ndipo amene anakaniza ndine.

Titameta, abale atabalalika, ndinasakaniza daka wachiwiri. Mchenga wosalala, simenti yocheperako kuposa poyamba, poti wapamwamba sayenera kulimba kuposa wapansi. Ndinanyowetsa khoma, ndinapaka mopyapyala, ndinadikira kuti agwire pang'ono, n'kusalaza ndi kathabwa kosalazira ka amuna anga mozungulizazunguliza, osawaza simenti youma, osapukuta mpaka kuwala. Pangodya pamene panali mphasa panalibe wondiuza kuti dzanja, osati phewa. Ndinkalankhula ndekha, kuwatukwana pang'ono, kuwafunsa ngati apa pakwana. Pambuyo pake ndinabwezera masaka pazenera n'kuthiriranso masiku ena.

Mlamu wanga sanalowenso m'nyumba mwanga mpaka imfa yake. Kutchalitchi anandiitana kukandilangiza za ulemu wa pamaliro, ndinamvetsera, ndinathokoza, ndinabwerera kwathu. Mawu aja akuti ndikudziwapo kanthu anandikakamira zaka zambiri, pampopi ndi pamsika, ndipo ana anga anakula akuwamva. Sindinganene kuti sizinandipweteke. Zinandipweteka kwambiri, ndipo masiku ena ndinkakhumba ndikanangogwedeza mutu tsiku lija.

Khoma langa si lokongola ngati atatu awo aja. Dzuwa la madzulo likalowa pazenera mumaoneka mafunde pamene dzanja linkaphunzira. Koma fakitale ya nsalu inatsekedwa, malata tasintha, ana anakwatiwa, ine mano anatha, ndipo pakhomapo palibe mng'alu ngakhale wolowa tsitsi. Ndauza ana anga kuti tsiku langa likadzafika adzandigoneke pomwepo. Ndikamadutsa ndimagogoda ndi chala chopinda, chizolowezi chabe, ndipo limayankha mwakachetechete ngati mwala. Mwini wake sanalimve likuyankha choncho.